Tikiti ikabwerera ndi mawu akuti "Si zimene ndinanena"

Ndimayang'anira gulu loyankha makasitomala pa kampani ina yogulitsa magetsi a sola olipira pang'onopang'ono. Makasitomala athu ambiri amalemba Chichewa, koma anzathu a zachuma ndi amisiri amawerenga matikiti, kutanthauza zolemba za nkhani ya kasitomala aliyense pa kompyuta, m'Chingerezi, ndipo ena mwa iwo Chichewa sachimva n'komwe. Choncho uthenga uliwonse umadutsa m'manja mwa munthu mmodzi womasulira, popita ndi pobwerera. Vuto limene limabwerabwera pa desiki yathu ndi lakuti tikiti imatsekedwa ngati yatha, koma pakapita masiku awiri kasitomala amaimba mtima uli m'mwamba n'kunena kuti, "Si zimene ndinanena zimenezo."

Vutoli limadziwika ndi zizindikiro zake. A zachuma amayankha kuti malipiro sakupezeka, chonsecho kasitomala akulumbira kuti ndalama zinapita. Mmisiri amayenda ulendo wautali n'kukapeza chipangizo chili bwinobwino. Kapena kasitomala amadikira chinthu chimene palibe anamulonjeza. Mukaona chimodzi mwa izi, musayambe ndi kukayikira kasitomala kapena makina. Tsegulani tikiti, ikani mawu ake a Chichewa pambali pa Chingerezi chimene chinalembedwa, muwerenge mzere ndi mzere. Pa matikiti otere amene ndafufuza, kawirikawiri womasulira amakhala wodziwa bwino zinenero zonse ziwiri. Chimene chimachitika n'chakuti m'malo momasulira amafupikitsa, ndipo pofupikitsapo amadzaza mipata ndi zimene iye akuganiza.

Tikiti imodzi, mwatsatanetsatane

Uthenga uwu unalowa Lachisanu usiku, ofesi itatsekedwa kale:

"Muli bwanji bwana. Pepani ndakuvutitsani. Ine ndimalipira 5000 pa foni ya achimwene koma dzana anandilipirira kwa ejenti, ndalama zinapita koma tokeni sinabwerebe. Magetsi azimanso. Ana akulemba mayeso. Chonde ndithandizeni."

Tokeni ndi nambala imene kasitomala amalandira akalipira kuti magetsi ayake. Lolemba m'mawa mnzathu wina, atapanikizika ndi mulu wa matikiti a kumapeto kwa sabata, analemba chonchi:

```
Customer paid K5,000 from brother's phone two days ago.
Did not receive token. Light is faulty. Wants refund.
```

Mukawerenga mothamanga zikuoneka ngati zagwirizana. A zachuma anafunsa nambala ya achimwene aja, anafufuza K5,000 ya Loweruka yochokera pa nambala imeneyo, sanaipeze, n'kutseka tikiti. Amisiri nawo anaika dzina la kasitomalayo pa mndandanda wa nyumba zokayendera. Ana anawerengera tochi ya foni sabata yonse. Titabwerera ku uthenga woyamba tinapeza kuti mizere iwiri ya Chingerezi ija inasintha tanthauzo m'malo asanu ndi limodzi.

Poyambira penipeni ndi pa mawu akuti "ndimalipira". Kachigawo ka -ma- kakunena chizolowezi, zimene munthuyu amachita nthawi zonse. Chimene chinachitika dzana chikuyambira pa "koma", ndipo "koma" ameneyo akutiuza kuti ulendo uno zinthu sizinayende mwa masiku onse. Womasulira anaphatikiza ziganizo ziwirizo kukhala chimodzi, ndiye foni ya achimwene ndi 5000, zimene zinali za chizolowezi, zinagwera pa malipiro a dzana. Koma werengani bwino, muona kuti kasitomala sananene kuti dzana analipira ndalama zingati. Titamuimbira anati zinali K3,000, chifukwa n'zimene zinapezeka tsiku limenelo. A zachuma ankafufuza ndalama zolakwika pa nambala yolakwika.

Pa -ma- pomwepa pali msampha wina wofunika kuudziwa. Chichewa chimasiyanitsa nthawi zina za mneni ndi kamvekedwe, kukweza kapena kutsitsa mawu, koma polemba sitisonyeza zimenezo. "Ndimalipira" wolembedwa angatanthauze kuti ndimachita nthawi zonse, angatanthauzenso kuti ndinali kulipira posachedwapa, monga mu "ndimalipira pamene foni inazima". M'kamwa awiriwa amamveka mosiyana ndipo palibe amasokonezeka. Pa sikirini amafanana ndendende. Chimodzimodzi "sindinalandire", amene angakhale wa zakale zotha, kapena wa munthu amene akudikirabe. Mawu oyandikana nawo akapanda kukuthandizani, musasankhe nokha. Lembani kuti pali matanthauzo awiri, kapena funsani mwiniwake. Ngati uthenga wabwera wojambula mawu muli ndi mwayi, chifukwa khutu likuuzani. Ulembeni kaye m'Chichewa monga mwaumvera, kenako mumasulire kuchokera pa zimene mwalembazo.

Chachiwiri ndi "dzana". Womasulira sanalakwitse liwulo, analakwitsa powerengera. Kasitomala analemba Lachisanu, ndiye dzana lake ndi Lachitatu. Chingerezi chinalembedwa Lolemba, ndipo wowerenga Lolemba akaona "two days ago" amawerenga kubwerera Loweruka. Mawu onse monga dzulo, dzana, mawa, mkucha, usiku wathawu ndi sabata yatha amatsamira pa tsiku limene munthu analemba, osati limene inu mwatsegula tikiti. Yang'anani nthawi imene uthenga unalowa, muwerengere kuchokera pamenepo, ndipo mulembe tsiku ndi deti. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri amati "dzana" potanthauza masiku angapo apitawo, choncho auzeni ofufuza kuti ayang'anenso masiku oyandikira. Detiyo lembani ndi dzina la mwezi. Ife 03/04 timawerenga kuti pa 3 Epulo, koma pulogalamu yokonzedwa mwa kalembedwe ka ku America ingamuwerenge kuti pa 4 Malichi.

Chachitatu ndi "anandilipirira". Ndani analipira? Chiyambi cha a- sichinena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo sichinena kuti ndi munthu mmodzi wolemekezedwa kapena anthu angapo. Chingerezi chimakukakamizani kusankha pakati pa "he", "she" ndi "they", ndipo pamenepo m'pamene womasulira amaikamo maganizo ake mosazindikira. N'zoona kuti achimwene ndiwo atchulidwa pafupi, ndipo mwina ndi iwowo, koma "mwina" ameneyo ayenera kuoneka m'tikiti. Pa nkhani yathuyi analipira anali mlamu wake amene ankapita kumsika. Ngakhale "achimwene" weniweniyo samalani naye, chifukwa angakhale mbale wa bere limodzi, mwana wa abambo aang'ono, kapena mnzake chabe wapamudzi. Wofufuza amene akuyembekeza kuti dzina la bambo lifanana ndi la kasitomala angalumphe malipiro oyenera. Ndipo "mlongo wanga" sangamasuliridwe musanadziwe amene akulankhula, popeza mwamuna akatero akunena mkazi, ndipo mkazi akatero akunena mwamuna.

Kachigawo ka -ir- nakonso kamanyamula katundu wolemera. "Analipira", "anandilipira" ndi "anandilipirira" ndi nkhani zitatu zosiyana: woyamba wangopereka ndalama, wachiwiri wapereka kwa ine, wachitatu wapereka m'malo mwanga. Pa foni anthu amalemba mothamanga ndipo zilembo ziwiri zimatha kusowa. Mukaona kuti mneni sakugwirizana ndi nkhani yonse, masulirani zimene zalembedwa, n'kunena pansi pake kuti mukukayikira kuti pasowa zilembo.

Timawu tiwiri timene timatayika kwambiri

Ndi -be ndi -nso. "Sinabwerebe" akunena kuti mpaka pano sinafike ndipo munthu akudikira. "Did not receive" akumveka ngati nkhani yakale yotha. Kusiyana kumeneku kumasintha changu chimene tikiti imapatsidwa, chifukwa "still has not" akuuza wowerenga kuti nyumba ili mumdima panopa.

Koma -nso ndiye wovuta kwambiri, chifukwa ali ndi nkhope ziwiri. "Magetsi azimanso" angatanthauze kuti azima kachiwiri, ndiye kuti anazimapo kale, kapena kuti kuwonjezera pa vuto la tokeni, nawo magetsi azima. Tanthauzo loyamba lingachititse mmisiri kukayikira batire. Lachiwiri ndi zotsatira wamba, popeza chipangizo cholipira pang'onopang'ono chimadzitseka chokha masiku olipiridwa akatha. Womasulira wathu sanasankhe n'limodzi lomwe mwa awiriwa. Analemba "faulty", kutanthauza kuti chawonongeka, liwu limene kasitomala sanalinene. Kuzima ndi chimene munthu waona ndi maso. Kuwonongeka ndi chigamulo cha mmisiri atayeza. Anthu akamati foni yafa, batire yatha kapena magetsi akuvuta, lembani zimene akuona, ndipo ngati liwulo n'lotambalala ngati "akuvuta", afunseni kuti akuvuta motani: sakuyaka n'komwe, akuphethira, kapena akuzima msanga.

Chomaliza pa tikiti ija chinali "Wants refund". Fufuzani mu uthenga wonse, simupeza pamene kasitomala anapempha kuti abwezeredwe ndalama. Iye anati "ndithandizeni". Chimene ankafuna ndi tokeni, kuti ana awerenge. Anthu ambiri kuno sapempha molunjika, amafotokoza vuto lawo mwaulemu n'kusiyira wamkulu kuti aone chochita. Womasulira amaona ngati Chingerezi chikusowa pempho, ndiye amalipeka. Ngati pempho silinatchulidwe, lembani kuti silinatchulidwe. Ndipo chiganizo cha ana olemba mayeso, chimene chinatayidwa ngati chopanda ntchito, ndicho chinkanena chifukwa chake nkhaniyi siyenera kugona.

Mmene timalembera tsopano

Sitifufuta kapena kukonza mawu a kasitomala, ngakhale kalembedwe kali kolakwika. Kumasulira timakuika m'gawo loonedwa ndi ogwira ntchito okha, limene mu pulogalamu ya matikiti ya Zendesk limatchedwa Internal note ndipo mu ya Freshdesk ndi la Private note, kuti kusapite kwa kasitomala mwangozi. M'menemo timalekanitsa zimene iye wanena ndi zimene ife tikuganiza. Tikiti ija inayenera kuoneka chonchi:

```
TRANSLATION, message sent Friday night:
"I usually pay 5000 on my brother's phone, but the day before
yesterday someone paid for me at an agent. The money went but
the token still has not come. The lights have gone off too.
The children are writing exams. Please help me."
NOTE:
- "Day before yesterday" = Wednesday; check nearby days.
- Amount and payer for this payment not stated.
- "Too" could also mean "again". No refund requested.
```

Taonani kuti kumasulirako kuli mwa "I", ngati kuti kasitomala akulankhula yekha. Tinasiya kulemba "customer says" chifukwa kalembedwe kameneko kamakokera munthu ku kufupikitsa. Ukalemba ngati mwiniwake, dzanja limakakamizika kutsata chiganizo chilichonse. Moni ndi "pepani ndakuvutitsani" tingazisiye, chifukwa ndi ulemu wa polowera. Koma ngati mwasankha kumasulira "pepani" wotere, samalani kuti asamveke ngati munthu akuvomera kuti walakwa. Taonaninso kuti "zinapita" tamusiya monga alili. Sitinalembe kuti zinadulidwa kapena kuti zinalandiridwa, chifukwa sitikudziwa ngati kasitomala anaona meseji yotsimikizira kapena anangomva kwa ejenti.

Manambala timakopera, sitilembanso pamanja. Nambala ya foni, nambala ya akaunti, nambala yotsimikizira malipiro ya mu meseji ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi mawu aliwonse amene chipangizo chaonetsa pa sikirini, zonsezi zimapita monga zilili. Kasitomala akalemba kuti "5" yekha musamusandutse K5,000 mwakachetechete. Mwina ndi zomwezo, koma kulingalira kwanuko kukhale pansi pa NOTE.

Musanatumize pali mayeso a mphindi imodzi. Werengani aneni a m'Chichewa ndi a m'Chingerezi, muone ngati aliyense ali ndi mnzake. Uthenga uja, kupatula moni, uli ndi aneni asanu ndi awiri: ndimalipira, anandilipirira, zinapita, sinabwerebe, azimanso, akulemba, ndithandizeni. Chingerezi choyamba chija chinali ndi anayi okha, ndipo awiri mwa iwo analibe gwero. Kenako fufuzani si- ndi -sa- aliyense wokana, -be, -nso ndi "koma", muone ngati onse afika tsidya linalo. Pa nkhani ya ndalama zambiri kapena dandaulo lalikulu, patsani mnzanu Chingerezi chokha, asaone uthenga woyamba, akuuzeni m'Chichewa zimene wamva. Akanena chinthu chimene kasitomala sananene, mwapeza podontha.

Mkwiyo nawo umasuliridwe. Munthu akalemba kuti "mwandibera" kapena "ndalama zanga mwadya", pali chiyeso chofewetsa kuti mabwana asakhumudwe, n'kulemba kuti kasitomala sanasangalale. Kumeneko n'kubisa chinenezo. Kudya ndalama ndi kuzigwiritsa ntchito mwachinyengo, ndipo Chingerezi chiyenera kunena zimenezo, osati kudya kwa pakamwa. Akati "nkhaniyi ndipita nayo patali", akuchenjeza kuti akadandaula kwina, ndipo dandaulo lotere lingakafike ku bungwe la CFTC loteteza ogula, kumene tikitiyo ingadzafunike ngati umboni. Komanso musakolezere moto. "Ndalama zanga zasowa" sananeneze munthu aliyense, ndiye "stolen" alibe malo pamenepo.

Ulendo wobwerera

Anthu ambiri amasamala pomasulira kupita ku Chingerezi, n'kumasuka pobwerera ku Chichewa, poganiza kuti chinenero chobadwa nacho sichingawapunthwitse. Koma yankho ndilo limene kasitomala adzagwire ngati lonjezo la kampani. Titapeza K3,000 ija, a zachuma analemba kuti:

```
Payment found. It was posted to a different account number.
Reallocation may take up to 3 working days.
Customer should not pay again.
```

Kumasulira koyamba kumene ndinakugwira kusanatumizidwe kunati: "Ndalama zanu zapezeka. Munalakwitsa nambala. Tikubwezerani pakatha masiku atatu. Musalipirenso." Chiganizo choyamba chokha ndicho chili bwino.

A zachuma sananene amene analakwitsa. Angakhale mlamu uja, ejenti, kapena ife amene. "Munalakwitsa" akuloza chala kasitomala popanda umboni, pamene Chichewa chili nayo njira yosaloza munthu: ndalama zinalowa mu akaunti ina. "Tikubwezerani" ndi woopsa kwambiri. Kubweza kumaphimba zinthu zitatu zimene a zachuma amazisiyanitsa: "refund", pamene ndalama zibwerera m'manja mwa kasitomala, "reversal", pamene malipiro athetsedwa n'kubwerera kumene anachokera, ndi "reallocation", pamene ndalama zisamutsidwa kuchoka mu akaunti ina kupita mu yoyenera. Pano chinali chachitatu. Munthu wouzidwa kuti abwezeredwa amayang'anira foni kudikira ndalama, ndipo zikapanda kubwera amati tamunamiza. Njira yosalakwika ndiyo kunena kumene ndalamazo zithere, ndi chimene iye aone zikafika.

"May take up to" akunena malire, kuti zitha kutheka lero kapena mawa koma zisapitirire masiku atatu. "Pakatha masiku atatu" akunena kuti zisanathe zitatuzo palibe chichitike. Liwu la "working" litatayika, Loweruka ndi Lamulungu zinalowa m'chiwerengero, ndipo munthu wouzidwa Lachinayi angayambe kuimba Lamulungu pamene malire enieni ndi Lachiwiri. Apanso mankhwala ndi kutchula tsiku, mutatsimikiza ndi a zachuma kuti akuwerengera kuyambira liti.

Koma chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi "musalipirenso". A zachuma ankatanthauza kuti asabwereze malipiro omwewo. Kwa munthu amene ali ndi ngongole ya miyezi yambiri, "musalipirenso" angamveke ngati ngongole yatha. Akanasiya kulipira, magetsi akanazima, chiwerengero cha masiku osalipira chikanakwera, ndipo iye akanakhala ndi meseji yathu m'manja yomuikira kumbuyo. Ndi -nso yemwe uja, tsopano akuluma kuchokera mbali ina.

Tinatumiza izi: "Zikomo bambo chifukwa chodikira, ndipo pepani kuti mwakhala mumdima. K3,000 imene inalipiridwa Lachitatu lapitalo yapezeka. Inalowa mu akaunti ina, ndipo tikuisamutsira mu akaunti yanu. Zimenezi zitheka pasanathe Lachiwiri likudzali, mwinanso msanga. Zikatheka mulandira tokeni pa foni yanu. Simukuyenera kulipira K3,000 imeneyi kachiwiri, koma malipiro anu ena apitirire monga mwa masiku onse." Uthengawu ndi wautali kuposa Chingerezi chake, ndipo zimenezo si vuto. Chilichonse chowonjezera, monga tsiku ndi za tokeni, tinayamba tafunsa a zachuma, ndipo pansi pake m'tikiti tinalemba m'Chingerezi zimene tamuuza kasitomala, kuti wodzatsegula pambuyo adziwe lonjezo limene lilipo.

Pali liwu limodzi limene ndinaletsa pa desiki yathu, "tiona". M'Chingerezi "we will look into it" ndi lonjezo lakuti tifufuza, koma munthu wa kuno akauzidwa kuti "tiona" amadziwa kuti wakanidwa mwaulemu. Timalemba kuti "tikufufuza, ndipo tikuyankhani pofika mawa masana", ngati nthawiyo tapatsidwadi. Ngati sitinapatsidwe, timapita kukaifunsa tisanayankhe.

Nthawi zina uthenga sumasulirika ngakhale mutasamala chotani, chifukwa ndi waufupi kwambiri, wasakanikirana ndi Chitumbuka kapena Chiyao chimene simuchidziwa bwino, kapena wadzaza ndi mawu a achinyamata. Pamenepo imbani foni, ndipo funso likhale lotseguka. Musafunse kuti "Munalipira 5000 eti?", chifukwa munthu waulemu amavomera kuti asatsutsane ndi bwana. Funsani kuti "Tsiku limenelo zinalipiridwa ndalama zingati, ndipo anakalipira ndani?" Mayankho ake alembeni m'Chichewa monga wanenera, pansi pa uthenga woyamba uja, ndi nthawi imene mwaimbira, kenako muwamasulire mwa njira yomweyo.